Ndikusiya yunivesite chifukwa cha fizi, kalata ndilembe bwanji kuti andibwezereko ndalama?

Funso: Zikomo akulu. Ndine mtsikana, ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya pulaiveti ku Lilongwe kuno. Semesita ino fizi ndi K900,000 kuwonjezera tina ndi tina ta rejisitileshoni, chipatala ndi yuniyoni tokwana K60,000. Amalume amene amandilipirira anaikako K600,000 kubanki koma pano ntchito yawathera, yotsalayo sitingaipeze. Tili sabata yachitatu. Ndikufuna ndisiye, kalata yake ndilembe bwanji kuti andibwezereko olo theka?

Yankho: Pepani kwambiri achemwali, ndipo muwapepesenso amalumewo. Ndiyambe ndi chimene chikufulumira kuposa zonse, kalata imeneyi ikhale itadindidwa sitampa ku ofesi ya rejisitara sabata yomwe ino, mawa ngati nkotheka. Pa nkhani yobweza fizi chimene chimawerengedwa si tsiku lomwe munasiya kulowa mkalasi ayi, komanso si tsiku lomwe mwalemba pamwamba pa kalata, ndi tsiku lomwe ofesi yalandira kalatayo. Ndaona ana ambiri akulongedza zikwama mwakachetechete nkubwerera kumudzi poganiza kuti sukulu iona yokha kuti kulibe. Sukulu siona choncho. Mukompyuta mwawo inu mudakali wophunzira wolembetsa, fizi ya semesita yonse ikuwerengedwabe pa dzina lanu, ndiye ikafika nthawi ya mayeso malo ambiri amangolemba kuti simunabwere kapena mwalephera makosi onse, ndipo tsiku lomwe mudzafune thiransikiriputi ya chaka choyamba chija munakhoza bwinobwino mudzauzidwa kuti muyambe mwamaliza ngongole yomwe simunkaidziwa nkomwe.

Musanalembe, pezani mapepala awiri. Loyamba ndi malamulo a sukulu yanu onena za kusiya ndi kubweza fizi, amakhala mu buku la malamulo a ophunzira lomwe anakupatsani chaka choyamba, nthawi zina amakhala kuseri kwa kalata yomwe anakuitanirani sukulu ija kapena pansi pa pepala la mitengo ya fizi, timalemba ting'onoting'ono tomwe aliyense amangosaina osawerenga. Lachiwiri ndi sitetimenti ya akaunti yanu kuchokera ku ofesi ya zachuma. Chifukwa chake nchakuti palibe muyezo umodzi womwe mayunivesite onse mMalawi muno amatsata pobweza fizi, iliyonse ili ndi wake, ina imabweza mochepera sabata ndi sabata, ina imati ukangolembetsa basi palibe chobweza. Kalata yomwe ikutchula ndime ya lamulo lawo lomwe imayenda, pomwe kalata yongodandaula imatha kukhala mu fayilo miyezi.

Tsopano pa za theka mukunenazo, apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe mitima ya anthu imaswekera. Ambiri amawerengera kuti ndinalipira K600,000, lamulo likuti theka, ndiye ndilandira K300,000. Maofesi a zachuma kawirikawiri sawerengera choncho. Iwo amayamba kuona kuti pa fizi yonse ya semesita, gawo lomwe sukulu ikuyenera kutsala nalo ndi lingati, kenako nkuona ngati zomwe munalipira zapitirira gawo limenelo. Chopitiriracho ndiye chanu.

Tiyeni tiyese ndi manambala anu omwewa, koma lamulo ndikuikali ndi longoyerekeza, lanu lenileni mukalione mubuku lija. Tinene kuti likuti wosiya mu masabata awiri oyamba sukulu imatsala ndi 25 pelesenti ya fizi, wosiya mu sabata yachitatu kapena yachinayi imatsala ndi 50 pelesenti, ndipo kupitirira apo imatenga yonse. Inu muli sabata yachitatu, ndiye sukulu itsala ndi theka la K900,000, lomwe ndi K450,000. Tindalama ta rejisitileshoni, chipatala ndi yuniyoni tija, K60,000, nthawi zambiri sitibwezedwa olo mutasiya tsiku lachiwiri. Pamodzi sukulu yatenga K510,000. Pa K600,000 ya amalume yotsala ndi K90,000 basi. Ndikudziwa kuti ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe mumayembekezera, koma taonani mbali inayi. Kalata yomweyo ikafika sabata yachisanu, sukulu ikuti fizi yonse ndi yake, K960,000, inu munapereka K600,000, ndiye m'malo molandira K90,000 mwatuluka ndi ngongole ya K360,000 pa semesita yomwe simunaphunzire. Kusiyana kwa K450,000 chifukwa cha sitampa imodzi. Nchifukwa chake ndikukukakamizani za mawa.

Ndipo masabata amenewa amawerengedwa kuchokera tsiku lotsegulira lomwe lili pa kalendala ya sukulu, osati tsiku lomwe inu munafika kapena lomwe alekichara anayambadi kuphunzitsa. Mwina inu mukuti sabata yachitatu pomwe pa kalendala yawo, poonjezera sabata ya rejisitileshoni ija, ndi yachinayi ndipo ikutha Lachisanu. Kaoneni zimenezi lero.

Chinthu china chomwe ndikupemphani muchiganizire usiku uno musanasankhe mawu. Kusiya kuli mitundu iwiri, ndipo maofesi amaitenga ngati zinthu zosiyana kotheratu. Pali kusiya kwa kanthawi, komwe mumapempha kuti akusungireni malo, magiredi anu a chaka choyamba amakhala pomwepo, ndipo mukadzapeza ndalama mumadzayambira pomwe munalekezera. Pali kusiyiratu, komwe dzina lanu limachotsedwa ndipo mukadzafuna kubwerera mumadzaapulayanso ngati mlendo. Kwa munthu amene wamaliza kale chaka chathunthu, maganizo anga ndi akuti mupemphe kusiya kwa kanthawi pa chifukwa cha mavuto azachuma, olo mumtima mukuona ngati simudzabwerera. Chaka choyamba chija amalume analipira semesita ziwiri zathunthu, imeneyo ndi ndalama yambiri kuposa K90,000 tikukambayi, ndipo mawu olakwika mukalata atha kuitaya. Kusiya kwa kanthawi mutha kudzakusandutsa kusiyiratu ndi kalata ina yaifupi, koma kusiyiratu nkovuta kukubweza. Funsani kuti malo amasunga nthawi yaitali bwanji, malo ambiri amayambira chaka chimodzi cha maphunziro, ndipo nthawiyo ikamatha musanapeze ndalama mumayenera kulembanso kupempha kuwonjezera, osangokhala chete.

Koma pali kamsampha pamenepa komwe muyenera kukadziwa. Sukulu zambiri mukapempha kusiya kwa kanthawi zimakonda kunena kuti ndalama yotsalayo sitikupatsani mmanja, tiisunga pa akaunti yanu kuti mudzaigwiritse ntchito mukadzabwera. Zimenezi si zoipa nthawi zonse, nthawi zina mpaka amavomera kusunga ndalama yambiri kuposa yomwe akanabweza, mwachitsanzo kukusungirani K300,000 pa akaunti pomwe mmanja akanakupatsani K90,000, chifukwa kwa iwo kusunga nkosavuta kuposa kutulutsa. Vuto lake ndi lakuti ndalama yosungidwa imachepa mphamvu fizi ikamakwera. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 pelesenti ndipo mitengo ya zinthu inasintha pompopompo. Ndiye mukambirane ndi amalume. Ngati pakhomo pakufunika ndalama ya lendi lero, pemphani ya mmanja. Ngati pali chiyembekezo chenicheni chobwerera chaka chamawa, pemphani yosunga koma mupemphe yambiri, ndipo ikalembedwe pa pepala kuti ndi ingati.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Ipite kwa rejisitara, osati kwa lekichara amene mumagwirizana naye kapena kwa hedi wa dipatimenti yekha. Sukulu zina zimafuna kuti idzere kwa hedi ndi kwa dini asaine kaye kenako ifike kwa rejisitara, ngati kwanu nkotero yendani nayo nokha ofesi ndi ofesi tsiku limodzi, musaisiye pa desiki kuti aitumiza. Kope ina ipite kwa mkulu wa zachuma ndi kwa dini woona za umoyo wa ophunzira. Maofesi amenewa amagwira ntchito mChingerezi ndiye mudzailemba mChingerezi, ine ndikuikirani mChichewa zomwe iyenera kunena ndi mndandanda wake, tsamba limodzi basi.

Pamwamba dzina lanu monga lilili pa khadi la sukulu, nambala yanu ya rejisitileshoni, pulogalamu ndi chaka, nambala ya foni, imelo, ndi deti. Mutu wake unene zonse ziwiri, kupempha kusiya maphunziro kwa kanthawi chifukwa cha mavuto azachuma, komanso kupempha kubwezeredwa gawo la fizi. Kenako thupi lake likhale chonchi:

"Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri mu pulogalamu yakuti, nambala yanga ndi yakuti. Ndikupempha chilolezo chosiya maphunziro kwa kanthawi kuyambira tsiku la kalata ino, ndipo ndikupempha kuti malo anga asungidwe mpaka chaka cha maphunziro chikubwerachi.

Chifukwa chake nchakuti amene amandilipirira fizi ntchito yawathera mwezi wakuti, ndipo sindingathe kumaliza K360,000 yomwe yatsala pa semesita ino. Ndaphatikiza kalata yochokera kwa iwo yotsimikizira zimenezi.

Pa tsiku lakuti ndinalipira K600,000 ku akaunti ya yunivesite ku banki yakuti, lisiti nambala yakuti. Molingana ndi ndime yakuti ya malamulo a fizi, wosiya mu sabata yachitatu amalipira 50 pelesenti ya fizi, yomwe ndi K450,000, kuwonjezera K60,000 yosabwezedwa. Choncho ndikupempha kubwezeredwa K90,000, ndiponso kuti ngongole yotsala ya semesita ino ichotsedwe pa akaunti yanga.

Ndalamayo itumizidwe ku akaunti ya amene analipira, yomwe ndaiika mmunsimu. Ndikupempha yankho lolembedwa lotsimikizira tsiku lomwe ndasiyira, kusungidwa kwa malo anga, ndi sitetimenti yatsopano ya akaunti yanga."

Kenako kuthokoza mzere umodzi, siginecha, ndi mndandanda wa mapepala omwe mwaphatikiza.

Taonani mawu aja akuti ngongole yotsala ichotsedwe pa akaunti yanga. Anthu ambiri amawaiwala chifukwa maso ali pa ndalama yobwera, koma kwa inu ndi mawu odula kuposa onse mukalatamo. Kusiya kumavomerezedwa ku ofesi ya zamaphunziro, pomwe ngongole imakhala ku ofesi ya zachuma, ndipo maofesi awiriwa sikuti nthawi zonse amauzana msanga. Zimachitika kuti rejisitara wavomera mwasiya bwinobwino koma ku akaunti K360,000 ija idakalipo, ikungodikira tsiku lomwe mudzabwere. Ndiye musachoke mu Lilongwe musanaone sitetimenti yatsopano ndi maso anu, kapena pepala losainidwa lonena kuti isinthidwa.

Taonaninso kuti chifukwa ndachiika mu mizere iwiri yokha. Ndikudziwa kuti mumtima muli zambiri, za pakhomo, za azing'ono anu, za momwe munalimbikirira, ndipo zonsezo ndi zoona, koma amene akuwerenga kalatayo akufuna apeze chifukwa chomwe chikulowa mu malamulo ake ndi umboni wake, basi. Umboni wabwino ndi kalata ya kuntchito kwa amalume yowauza kuti ntchito yatha, ikasowa imeneyo kalata yawo iwowo yosaina yokhala ndi nambala ya foni. Musalembemo zodzudzula sukulu kuti fizi yakwera mopanda chifundo, olo zili zoona, ndipo musaopseze za maloya mukalata yoyamba. Komanso musalembe kuti ndibwezereniko kangachepe kalikonse komwe mungathe, mawu otere amapatsa ofesi mpata woyankha kuti palibe chomwe tingathe. Tchulani nambala ndi momwe mwaipezera, akafuna kutsutsa atsutse masamu.

Nanga mukapeza kuti lamulo la sukulu yanu likuti fizi sibwezedwa zivute zitani? Kalata lembanibe, chifukwa mbali ya kusiya ndi kusunga malo ikufunikabe, kungoti ndime yachitatu ija isinthe. M'malo motchula ufulu wanu, mukupempha akuluakulu kuti aganizire nkhani yanu mwapadera, ndipo apa pempho lomwe lili ndi mwayi kwambiri ndi lija losunga ndalama pa akaunti kuti idzagwire ntchito semesita yomwe mudzabwerere, pamodzi ndi kufufuta ngongole yotsalayo. Mutha kuikamo zonse ziwiri motsatana, kuti ndikupempha kubwezeredwa gawo lakuti, zikakanika ndikupempha kuti ndalamayo isungidwe pa akaunti yanga. Munthu ukamupatsa njira yachiwiri sathamangira kukana zonse.

Za amene alandire ndalamayo, sukulu zambiri zimabweza kwa amene analipira, osati kwa wophunzira, nchifukwa chake ndaika akaunti ya amalume mukalatamo. Ngati dipoziti silipi ili ndi dzina lawo koma mukufuna ndalama ilowe kwa inu, alembe kalata yololeza ndi kuikapo fotokope ya chitupa chawo cha unzika. Ndipo kwa ena amene akuwerenga nawo, ngati fizi inalipidwa ndi bungwe, mpingo kapena loni ya boma yochokera ku HESLGB, bungwe lopereka maloni kwa ophunzira a mayunivesite, musayembekezere kuigwira mmanja, yobwezedwa imabwerera kwa eni ake. Wa loni alembere bungwelo kuti wasiya, chifukwa yomwe inagwiritsidwa kale ntchito imakhalabe ngongole yake yodzabweza. Inuyo achemwali, popeza mukupempha kusungiridwa malo, gwiritsani ntchito chaka chimenechi kufufuza za loni yomweyo. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo limathandizanso ophunzira a mayunivesite a pulaiveti omwe ndi ovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira mayunivesite, ndiye kaoneni ngati sukulu ndi pulogalamu yanu zili pa mndandanda wovomerezeka, nkumatchera khutu nthawi yomwe atsegule zofunsira. Kalata yovomereza kusiya kwa kanthawi idzakuthandizani kusonyeza kuti mudakali ndi malo.

Tsiku lokapereka, sindikizani makope atatu. Lisiti ndi dipoziti silipi zoyambirira musapereke, perekani mafotokope, zenizenizo sungani ndipo muzijambule pa foni chifukwa inki ya timapepala ta kubanki imafufutika. Mukafika ku ofesi pemphani asekiritale adinde sitampa ya deti ndi kusaina pa kope yanu, imeneyo ndiye umboni wanu wonse. Akati siyani pompo tiona, pemphani mwaulemu kuti angolemba kuti alandira, deti ndi dzina lawo. Madzulo ake tumizani kalata yomweyo pa imelo ya rejisitara mutaphatikiza chithunzi cha kope yodindidwa ija. Uthenga wa pa WhatsApp kwa munthu wa mu ofesi si kalata, olo atayankha kuti zatheka.

Mwina adzakupatsani fomu ya kiliyalansi yoti isainidwe ku laibulale, ku hositelo, ku dipatimenti ndi ku akaunti. Imalizeni tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa ofesi ya zachuma kawirikawiri siyamba kukonza zobweza fomu imeneyi isanathe, ndipo buku limodzi la ku laibulale losabwezedwa kapena kiyi wa chipinda atha kudula K90,000 ija mpaka kutsala zochepa. Ngati mumakhala mu hositelo ya sukulu, ndalama ya kumeneko ili ndi malamulo akeake, iikeni ngati pempho lapadera mukalata yomweyo ndi tsiku lomwe mwabweza kiyi.

Kubweza ndalama sikuchitika sabata imodzi, pepalalo limadutsa ma ofesi angapo lisanasainidwe. Pochoka funsani kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji ndipo mufunse dzina la udindo wa amene akuyendetsa fayilo yanu. Pakatha masabata awiri kapena atatu opanda yankho lililonse lolembedwa, lembani kalata yachikumbutso yaifupi yotchula deti la sitampa ija, muphatikize kope yake. Ikakhalanso chete, kalata yachitatu ipite kwa mkulu wa yunivesite ndi makope a ziwiri zoyambazo. Mukaona kuti lamulo lawo lomwe likuti mubwezeredwe koma akukana kapena sakuyankha, popeza yanu ndi ya pulaiveti mutha kukadandaula ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ndi kudziwitsanso a NCHE omwe amayang'anira mayunivesite. Wa yunivesite ya boma njira yake ndi ku ofesi ya Ombudsman. Konseko chomwe adzayambe kukufunsani ndi kope yodindidwa, lisiti, ndi tsamba la malamulo lomwe mukudalira, ndiye zitatuzi zikhale mu envelopu imodzi kuyambira mawa, ndipo tsamba la malamulolo mulijambule lero lomwe monga lilili semesita ino.